Mkanda ukatuluka m'thumba, tinene bwanji?

Masamu a ku sekondale amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mayeso a MSCE amabweranso m'Chingerezi. Koma homuweki ikafika kunyumba chinenero chimasintha. Mkulu wake wa mwana, amalume kapena mnzake wa m'kalasi akamamuthandiza funso lovuta, amafotokoza m'Chichewa, ndipo kumva kwenikweni kumachitikira pamenepo. Pa masamu ambiri zimenezi sizivuta, chifukwa kuwonkhetsa ndi kuwonkhetsa basi. Pa masamu oyeza kuthekera kwa zinthu, aja a thumba la mikanda, dayisi ndi ndalama yoponya m'mwamba, mawu amene wofotokoza wasankha ndi amene amauza mwana ngati achulukitse kapena awonkhetse. Ana ambiri amene amalakwa mafunso amenewa amatha bwinobwino kuchulukitsa. Amalakwa chifukwa chiganizo chimene chili m'mutu mwawo n'chopotoka.

Tiyambe ndi mawu amene aliyense amathamangira: mwayi. Sindikuwakana kotheratu, koma ali ndi katundu wake. Mwayi ndi chinthu chabwino, ndipo umakhala wa munthu: uyu ndi wamwayi, uyo ndi watsoka. Palibe amene anganene kuti pali mwayi woti nyumba ipse. Choipa kwambiri n'chakuti m'malankhulidwe athu mwayi umazungulira, lero kwa ine mawa kwa iwe. Mwana amene wamva kuti funso likunena za mwayi amaganiza kuti ndalama ikagwa mutu kanayi motsatizana, ulendo wachisanu yatopa, iyenera kugwera mbali inayo. Ndalama sikumbuka. Ulendo wachisanu mutu uli pa 1/2 monga unalili poyamba. Ine ndimakonda mawu akuti mpata, chifukwa mipata imawerengeka. M'thumba mukakhala mikanda 8, ndipo 5 ndi yofiira, mkanda wofiira uli ndi mipata 5 mwa mipata 8. Chiganizocho chalemba kale 5/8, mwana asanagwire n'cholembera chomwe.

Palinso mneni amene timagwiritsa ntchito. Kusankha ndi kuyang'ana n'kutenga chimene mtima wakonda, ngati mayi akusankha tomato pamsika. Wosankha mkanda wofiira amaupeza nthawi zonse, ndiye palibe choyeza. Ena pothawa zimenezi amati “kutenga mwachisawawa”, koma chisawawa ndi kusasamala, pamene masamuwa akufuna kusamala kwakukulu kuti mkanda uliwonse ukhale ndi mpata wofanana ndi unzake. Tinene zimene dzanja likuchita: kupisa m'thumba osasuzumira, n'kutola mkanda umodzi.

Nali funso la mtundu umene ana amabwera nawo. M'thumba muli mikanda 8, yofiira 5 ndi yoyera 3. Munthu atole umodzi, osaubwezera, kenako atole wina. Pezani mpata woti yonse iwiri ikhale yofiira.

Mawu akuti “osaubwezera” ndi afupi, ndipo mwana wowerenga mothamanga amawalumpha. Amalemba 5/8 × 5/8 = 25/64, n'kutseka kope. Yankho limeneli likadakhoza mkanda woyamba ukadabwerera m'thumba. Koma sunabwerere. Uli m'dzanja. Apa Chichewa chili ndi chida chimene timachinyalanyaza, kachidutswa ka -ka- ka m'mneni. Muuzeni mwana anene mokweza kuti: “Woyamba ukatuluka wofiira, m'thumba mutsala mikanda 7, ndipo yofiira itsala 4.” Akangomaliza chiganizo chimenecho waona yekha kuti mpata wachiwiri ndi 4/7, ndipo yankho ndi 5/8 × 4/7 = 20/56, limene likachepetsedwa ndi 5/14. Mawu akuti “ukatuluka” amamangirira chachiwiri ku choyamba, ndipo akuti “mutsala” amamukakamiza kuwerenganso za m'thumba. Wofotokoza amene amangoti “chotsa imodzi pansi” waphunzitsa theka chabe. Mwana wake adzalemba 5/7, atachepetsa nambala ya pansi n'kuiwala ya pamwamba, kapena adzachotsa imodzi pamwamba paliponse, ngakhale pa mtundu umene sunatuluke.

Chithunzi cha mtengo, chimene aphunzitsi amajambula pa bolodi, ndi ziganizo zomwezi zitagonekedwa papepala. Pa tsinde pali mphanda ya nthambi ziwiri: wofiira 5/8, woyera 3/8. Kumapeto kwa nthambi iliyonse kuli mphanda ina. Pa ya wofiira timati: wofiira ukatuluka, yofiira itsala 4, yoyera ikadali 3, choncho 4/7 ndi 3/7. Pa ya woyera timati: woyera ukatuluka, yofiira ikadali 5, yoyera itsala 2, choncho 5/7 ndi 2/7. Tamverani kusiyana kwa “itsala” ndi “ikadali”. Mtundu umene watuluka ndi umene umatsala wochepa, winawo ukadali momwe unalili, koma nambala ya pansi yatsika kwa onse chifukwa thumba lapepuka. Njira yodziwira ngati mphanda yalembedwa bwino ndi yosavuta: nthambi zochoka pa mphanda imodzi zikawonkhetsedwa zipereke 1. Mwana akalemba 4/7 ndi 2/7 pa mphanda imodzi, zikupereka 6/7, ndiye kuti mkanda wina wasowa.

Tsopano tifike pa mawu awiri amene amandidetsa nkhawa kuposa onse, “ndi” komanso “kapena”. Lamulo limene ana amaloweza limati ukamva “ndi” chulukitsa, ukamva “kapena” wonkhetsa. Koma “ndi” wathu amagwira ntchito zambiri. Timati mkanda ndi wofiira, timati watola ndi dzanja, timati wofiira ndi woyera. Pa masamu a ku pulayimale timatinso 2 ndi 3 zikhala 5, ndipo pamenepo “ndi” akutanthauza kuwonkhetsa! Mwana amene anakula akumva choncho, lero mukamuuza kuti “wofiira ndi wofiira”, dzanja lake lilemba 5/8 + 4/7. Yankho lake ndi 67/56, nambala yoposa 1, ndipo mpata sungapose 1 chifukwa 1 ndi chinthu chosalephera kuchitika. Chimenecho chikhale chizindikiro choyamba chimene mwana aphunzire kuchiopa.

Poyenda m'nthambi kuchoka pa tsinde kupita kunsonga, mawu oyenera ndi “kenako”. Wofiira kenako wofiira, 5/8 × 4/7 = 20/56. Wofiira kenako woyera, 5/8 × 3/7 = 15/56. Woyera kenako wofiira, 3/8 × 5/7 = 15/56. Woyera kenako woyera, 3/8 × 2/7 = 6/56. “Kenako” amasunga ndondomeko, ndipo amakumbutsa kuti chachiwiri ndi gawo la gawo, n'chifukwa chake nambala ikucheperachepera. Nsonga zinayi zimenezi zikawonkhetsedwa zikupereka 56/56. Ndimalangiza ana kuti asathamangire kuchepetsa 20/56 kukhala 5/14 asanawonkhetse nsonga zonse, chifukwa nambala za pansi zikasiyana cholakwa chimabisala.

“Kapena” nayenso ali ndi nkhope ziwiri. Tikati “kapena abwera mawa” tikukayika. Tikati “tiyi kapena thobwa” tikupereka njira ziwiri. Masamu akufuna wachiwiriyu. Funso likati mikanda iwiriyo ikhale ya mitundu yosiyana, pali njira ziwiri zofikira kumeneko: wofiira kenako woyera, kapena woyera kenako wofiira. Tiwonkhetsa nsonga ziwirizo, 15/56 + 15/56 = 30/56, ndiye 15/28. Mwana amene ananena kuti “wofiira ndi woyera” amaona njira imodzi yokha, n'kupereka 15/56, theka la yankho. Amene ananena “kenako” amadzifunsa yekha kuti nanga woyera ukayamba.

Mafunso ena amafuna mpata woti patuluke woyera ngakhale umodzi. Ndamvapo ena akuti “woyera umodzi”, ndipo potero ataya nsonga ya yoyera iwiri. “Umodzi wokha” ndi 30/56. “Ngakhale umodzi” ndi umodzi kapena kuposa apo, 15/56 + 15/56 + 6/56 = 36/56. Njira yachidule ndi kuchotsera pa 1 mpata woti woyera usatuluke n'komwe, 1 − 20/56, ndipo yankho ndi lomwelo. Funso likati atole iwiri nthawi imodzi, mwana asadabwe: ndi kutola osabwezera komweko, chifukwa mkanda umodzi sungatuluke kawiri m'dzanja limodzi.

Chatsala ndi dzina la zochitika zimene mabuku amati chimodzi sichidalira chinzake. Ena amamasulira kuti “zoima pazokha”, ena “zosiyana”, ena “zosakumana”. Awiri omalizawa ndi oopsa, chifukwa amasakaniza zinthu ziwiri zotalikirana. Dayisi ikaponyedwa kamodzi singaonetse 2 n'kuonetsanso 5. Zimenezo ndi zoletsana: chimodzi chikachitika, chinzake chafa, ndipo mpata woti zichitikire pamodzi ndi 0. Zosadalirana ndi zina. Ponyani ndalama ndi dayisi. Ndalama igwe mutu kapena isagwe mutu, mpata woti dayisi ionetse 6 ukadali 1/6, ndipo ziwirizi zingathe kuchitika pamodzi, 1/2 × 1/6 = 1/12. Zoletsana ndi zodalirana kwambiri, popeza kudziwa kuti 2 watuluka kwagwetsa mpata wa 5 kuchoka pa 1/6 kufika pa 0. Ndiye mwana amene wauzidwa kuti zosadalirana ndi “zosakumana” wapatsidwa tanthauzo lotembenuzika.

Lamulo lolembedwa kuti P(A) × P(B), pomwe P(B) sasintha, limagwira pa zosadalirana zokha. Mtengo umaonetsa wokha ngati zili choncho. Yang'anani mphanda zachiwiri. Mkanda ukamabwezeredwa, zonse ziwiri zimanena 5/8 ndi 3/8, zofanana ndendende, ndipo nsonga zake ndi 25/64, 15/64, 15/64 ndi 9/64. Ukapanda kubwezeredwa, mphanda ina ikuti wofiira 4/7, inzake ikuti 5/7. Zasiyana, ndiye kutola kwachiwiri kukudalira koyamba.

Pali funso limodzi limene limasokoneza ngakhale ana akhama, ndipo nalonso lagona pa mneni. Kodi mpata woti mkanda wachiwiri ukhale wofiira ndi wotani? Ambiri amayankha 4/7. Koma funsoli lilibe “ukatuluka”. Silinatiuze chimene chinayamba, ndiye tiyenera kutenga njira zonse ziwiri zothera pa wofiira: wofiira kenako wofiira, kapena woyera kenako wofiira, 20/56 + 15/56 = 35/56. Chepetsani, mupeza 5/8, mpata womwe uja wa kutola koyamba. Munthu akatola mkanda woyamba n'kuufumbata osatsegula dzanja, thumba lapepukadi, koma ife sitikudziwa kuti lataya mtundu uti, ndipo wofiira ukadali pa 5/8. Akatsegula dzanja tikaona wofiira, m'pamene timati 4/7, ndipo tikaona woyera timati 5/7.