Mafunso ndi Mayankho: Kodi ofusayidi n'chiyani, ndipo inachokera kuti?

Funso: Ndangoyamba kumene kuonera mpira wamiyendo. Chimene chikundizunguza n'chakuti nthawi zina mpira umalowa m'golo, bwalo lonse n'kuimirira, koma munthu wa m'mbali uja akakweza kambendera chigoli chimakanidwa. Anzanga amangoti "walalira" kapena "ofusayidi". Kodi wosewerayo amakhala atalakwanji, ndipo lamuloli analiyambitsa ndani?

Yankho: Amene amati "walalira" sanaphonye kwenikweni. Kulalira n'kubisalira munthu panjira kuti umugwere asakuyembekeza, ndipo lamuloli linabwera kudzaletsa zimenezo: kuti womwetsa zigoli asamangokhala pakhomo pa golo la adani kudikira mpira, anzake akukhetsa thukuta pakati pa bwalo. Mawu akuti ofusayidi ndi a Chingerezi, ndipo amanena za munthu amene wachoka kumbali ya gulu lake n'kukaima kumene sayenera kuima. M'malamulo a mpira, amene amasungidwa ndi bungwe la IFAB, ili ndi Lamulo 11. Wosewera amakhala pamalo olalira ngati ali m'chigawo cha adani cha bwalo, ndipo ali pafupi ndi mzere wa golo lawo kuposa mpira komanso kuposa mdani wachiwiri kuchokera kugoloko. Kawirikawiri mdani woyamba amakhala goloboyi, wachiwiri n'kukhala wotchinga kumbuyo amene watsalira kwambiri. N'chifukwa chake wakambendera uja sathamanga molondola mpira. Iye amayenda chammbali ngati nkhanu, maso ali pa wotchinga wotsiriza, pakuti mzere wosaoneka umene akuweruzira umasuntha limodzi ndi munthu ameneyo.

Pamene ambiri ongoyamba amasokonezeka ndi pa nthawi. Mlandu suweruzidwa pamene wosewera walandira mpira, koma pamene mnzake waumenya kuti amupatsire. Tiyerekeze kuti wovala nambala 10 ali ndi mpira pakati pa bwalo, ndipo mnzake wa nambala 9 waima phewa ndi phewa ndi wotchinga wotsiriza. Phazi la nambala 10 likangogunda mpira, nambala 9 aliyatsa liwiro, pamene wotchingayo akadali kutembenuka. Mpira ukakhala m'malere masekondi awiri, wothamanga bwino amakhala atamusiya mnzakeyo mamita angapo, ndipo akamaulandira amaoneka ali yekhayekha ndi goloboyi. Maso a woonera amatsatira mpira, motero amafika mochedwa n'kuganiza kuti munthuyo walalira. Koma palibe mlandu, chifukwa pamene mpira unkachoka paphazi anali mzere umodzi ndi wotchingayo, ndipo kuyambira mu 1990 wofanana mzere salakwa. Tsono mutembenuze nkhaniyi: nambala 9 anali phazi limodzi kutsogolo pamene mpira unkamenyedwa, kenako n'kubwerera kudzaulandira pakati pa adani atatu. Ameneyo walalira, ngakhale kuti pomwe waulandirira pakuoneka pabwino. Poyeza amayang'ana mutu, thupi ndi miyendo. Manja ndi mikono saziwerengera, poti munthu sangamwetse nazo chigoli.

Onaninso kuti lamulo silitchula goloboyi, limangoti adani awiri. Zimenezi zinaoneka poyera pa 11 Juni 2010 mumzinda wa Johannesburg, pa masewero otsegulira Chikho cha Dziko Lonse pakati pa South Africa ndi Mexico. A Mexico atamenya kona, goloboyi Itumeleng Khune anatuluka kuti akakumane ndi mpira, koma wosewera wina wa Mexico anaugunda n'kuupititsa kwa Carlos Vela, amene anaulowetsa m'golo. Mbendera inakwera, ndipo anthu ambiri anadabwa chifukwa pamzere weniweni wa golo panali pataima wosewera wa South Africa. Koma ameneyo anali mmodzi yekha. Wachiwiri anali Khune, yemwe anali atasiya Vela kumbuyo kwake, choncho chigamulo chinali cholondola. Wina angafunse kuti, nanga si paja pakona palibe kulalira? N'zoona: wolandira mpira mwachindunji kuchokera pakona, poponya ndi manja kuchokera m'mbali, kapena pomenya kuchokera kugolo mpira ukatuluka, salakwa. Kungoti Vela sanaulandire kuchokera pakona, anaulandira kwa mnzake amene anaugunda pakati, ndipo kugundako kunayambitsa chiweruzo chatsopano. Kuima pamalo olalira pakokha si mlandu ayi. Wenzulo imalira munthuyo akasewera mpirawo, akatchinga maso a goloboyi, akalimbirana mpira ndi mdani, kapena akapindula ndi mpira umene wabwerera kuchokera pamtengo wa golo. Chilango chake ndi firikiki ya adani, ya mtundu umene sungamwetse nawo chigoli mpira usanakhudze munthu wina, ndipo palibe khadi.

Chiyambi cha lamuloli chili ku England. Sukulu za anyamata kumeneko zinkasewera mpira iliyonse ndi malamulo ake, ndipo zambiri zinkanyansidwa ndi wosewera wozembera kutsogolo. Bungwe la mpira la dzikolo litalemba malamulo ake mu 1863, linakhwimitsa zinthu kwambiri: pafupifupi aliyense wokhala kutsogolo kwa mpira anali wolakwa, monga zilili mu ragibe mpaka lero. Mu 1866 analola kupatsira kutsogolo, bola pakhale adani atatu pakati pa wolandira ndi golo. Otchinga kumbuyo sanachedwe kupeza nzeru. Bill McCracken wa Newcastle United anatchuka chifukwa chosunthira kutsogolo mwadala pa nthawi yoyenera, kuti adani akodwe ngati mbewa pa diwa. Zigoli zinayamba kusowa, ndipo mu 1925 chiwerengero chinatsitsidwa kuchoka pa atatu kufika pa awiri.

Mbiri imeneyi ndi imene amaimapo anthu onena kuti lamuloli lingochotsedwa, chifukwa limapha zigoli. Umboni ali nawo ndithu: mu ligi yaikulu ya ku England zigoli zinakwera kuchoka pa 1,192 m'chaka cha 1924/25 kufika pa 1,703 chaka chotsatira, lamulo litangofewetsedwa. Koma kufewetsa ndi kuchotseratu n'zosiyana. Popanda lamuloli, timu ingaike anthu ataliatali awiri pamaso pa goloboyi, adani nawo n'kubweza otchinga awo kuti akawalondere, ndipo pakati pa bwalo pangatsale mbee, mpira ukungouluka uku ndi uku. Chimene chimalimbitsa mtima otchinga kuti asunthire kutsogolo ndi lamulo lomweli, ndipo akatero amasiya malo kumbuyo kwawo amene wothamanga wochenjera amalowamo. Zigoli zokoma zimene mumaona, munthu akutulukira pakati pa otchinga awiri, zimabadwa m'malo amenewo.

Dandaulo limene ndimaliona kuti lili ndi mutu ndi la makina. Chibwerereni VAR, njira yoti oweruza aonenso zochitika pa kanema, yomwe inagwiritsidwa ntchito pa Chikho cha Dziko Lonse kuyambira mu 2018, zigoli zikukanidwa chifukwa cha nsonga ya nsapato kapena phewa. Ku Qatar mu 2022, Argentina inakanidwa zigoli zitatu m'chigawo choyamba pomwe inkasewera ndi Saudi Arabia, n'kudzagonja 2-1. Munthu amene wapitirira ndi phewa sanabisalire aliyense, ndipo pamenepa kayezedwe kapita patali kuposa cholinga cha lamulo. Komabe mzere uyenera kukhala penapake, ndipo ngakhale mutausuntha ndi phazi limodzi, padzapezekabe wina woupitirira ndi chala. Kumene kuli VAR mudzaonanso wakambendera akuchedwa dala kukweza mbendera mpaka mpira utalowa. Sikuti wagona: amauzidwa kudikira, chifukwa chigoli cholakwika chingathe kufafanizidwa pambuyo pake, pamene mwayi umene waimitsidwa ndi wenzulo molakwika subwereranso.