Ulemu Usabise Masiku M'kalata ya Tchuthi

Makalata ambiri opempha tchuthi amene amalembedwa m'Chichewa amadzaza ulemu koma saulula chimene mwini wake akufuna. Munthu ali ndi ukwati wa mlongo wake ku Joni, koma kwa bwana akulemba kuti, "Ndimati mundithandizeko pakuti kwathu kuli zochitika, ndiye ndichokapo pang'ono." Bwana awerenga, ndipo choyamba kuwafikira m'mutu ndi ngongole ya pakati pa mwezi, poti "kuthandiza" kwa ku ofesi nthawi zambiri kumanunkha ndalama. Ena amafika polemba kuti "kwathu kuli zovuta," kuiwala kuti kwa Mchewa zovuta ndi maliro. Kutero n'kulaula mkwatibwi.

Tchuthi cha pachaka si mphatso. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000, m'ndime 44, limapatsa wantchito masiku osachepera 18 pachaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku osachepera 15 ngati amagwira masiku asanu, uku akulandira malipiro ake. Chimene mukupempha kwa bwana ndi nthawi yoti mupumire masikuwo. N'chifukwa chake "ndikupempha kuti mundilole" ndi mawu okwanira. "Ndikufuna tchuthi" akumveka ngati lamulo, pamene "ndagwira mwendo wanu" ndi mawu a munthu wopalamula. Ndipo tchulani kuti ndi tchuthi chanu cha pachaka, cholandira malipiro, kuopa kuti a maakaunti angadule masikuwo pa malipiro a mweziwo.

Pa ubale ndi pamene ambiri timafooka. "M'bale wanga" ndi thumba lolowa aliyense, kuyambira wobadwa naye bere limodzi mpaka mnansi wa kutchalitchi, ndipo mabwana amadziwa zimenezi. Chichewa chili ndi mawu olunjika. Mwamuna akati "mlongo wanga" akunena wamkazi, mkazi akatero akunena wamwamuna. Mkulu wanga ndi mng'ono wanga ndi a chibadwidwe chofanana ndi cha wolankhula. Mwana wa amalume kapena wa azakhali ndi msuweni, koma mwana wa amayi aang'ono si msuweni ayi, ameneyo ndi mlongo, mkulu kapena mng'ono ndithu. Mneni nayenso asapotozedwe: mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Kulemba kuti "mlongo wanga akukwatira" iwe uli mwamuna n'kusokoneza wowerenga, angakhale achinyamata a m'tauni azolowera kutero. Ngati ndinu nkhoswe nenani, chifukwa palibe bwana wa kuno amene sadziwa kuti ukwati suyenda popanda ankhoswe.

Liwu loti "kunja" palokha ndi losakwanira, poti ndi khonde lomwe ndi kunja. Tchulani dziko ndi mzinda. Zimenezi zimathandizanso bwana kumvetsa chifukwa chimene ukwati wa tsiku limodzi ukudyera masiku ambiri: basi yochoka ku Blantyre imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo pa zipata za m'malire sipachedwa kugona munthu.

Tsono masikuwo. "Sabata imodzi" ndi mawu obweretsa mkangano, chifukwa wina awerenga masiku asanu, wina asanu ndi awiri. "Mpaka Lachitatu" nawonso sanena ngati Lachitatulo mudzakhala pa desiki kapena mudakali m'basi. Mankhwala ake ndi kutchula tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi tsiku lobwerera pa ntchito. Wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu angalembe motere:

"Bwana, ndikupempha kuti mundilole kupita ku tchuthi changa cha pachaka, cholandira malipiro, kuyambira Lachitatu pa 12 Ogasiti. Tsiku lomaliza lidzakhala Lachitatu pa 19 Ogasiti, ndipo ndidzayambiranso ntchito Lachinayi pa 20. Amenewa ndi masiku 6 ogwira ntchito. Mlongo wanga, wobadwa naye bere limodzi, akukwatiwa ku Johannesburg m'dziko la South Africa Loweruka pa 15 Ogasiti. Ntchito zanga ndidzasiyira mnzanga amene inu mungavomereze, ndipo ndidzamulongosolera zonse ndisananyamuke. Zikomo, ine wantchito wanu."

Pa kalendala ndi masiku 8, koma Loweruka ndi Lamlungu saawerengera kwa munthu amene sagwira masikuwo, choncho pa masiku 15 apachaka aja patsala 9. Wolemba "masiku 8" wadzibera yekha masiku awiri, ndipo kalaliki wa ku ofesi sangamuthamangire kuti amubwezere.

Taonaninso kuti kalatayi yayamba ndi "Bwana" basi. "Okondedwa Bwana" ndi chovala chobwereka, ndipo akakhala kuti bwanayo ndi mayi, mawuwo angathe kuutsa mapiri pachigwa. "Mayi" kapena "Bambo" motsatana ndi udindo wawo n'zokwanira. Ulemu weniweni uli kale mu "inu" ndi "mundilole," komanso m'kupereka kalatayo kudakali masabata angapo, tikiti ya basi isanagulidwe.