Kuonana ndi dokotala pa foni: kupangana nthawi ndi kukonzekera kwake

Kuonana ndi dokotala pa foni kapena pa vidiyo kumathandiza kwambiri munthu amene anapimidwa kale kuchipatala ndipo akumwa mankhwala a nthawi yaitali, monga a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga. Nthawi ya dzinja, pamene misewu ya ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga yadzaza matope ndipo ntchito ya kumunda yachuluka, foni imapulumutsa tsiku lathunthu ndi ndalama ya ulendo.

Kupangana nthawi

Pali njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi manambala aulere a uphungu wa zaumoyo, monga Alô Vida pa 1490 ku Mozambiki kuno, ndi Chipatala cha pa Foni cha ku Malawi, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011. Manambala amenewa safuna kupangana nthawi, koma woyankha sakhala ndi mbiri ya wodwalayo m'manja.

Yachiwiri ndi kulankhula ndi dokotala kapena namwino amene amaona wodwalayo kale. Si chipatala chilichonse chimene chimachita izi, choncho wodwala afunse ali komweko, pa tsiku lotenga mankhwala. Akavomera, agwirizane zinthu zitatu: tsiku ndi ola, amene adzaimbe foniyo, ndiponso ngati pali malipiro. Apereke manambala awiri, yake ndi ya wachibale. Ngati nambalayo ndi ya ku Malawi anene kuti imayamba ndi +265, chifukwa za ku Mozambiki zimayamba ndi +258.

Vuto la m'malire

M'midzi ya m'malire foni imatha kusiya netiweki ya kuno n'kugwira ya ku Malawi. Zikatero dokotala akhoza kuimba koma foni osalira, kapena ndalama za mufoni zimatha msanga. Chizindikiro chake n'chakuti pamwamba pa foni pamaoneka dzina la kampani ina kapena chilembo cha R. Kutatsala tsiku limodzi, wodwala apeze malo amene netiweki ya kuno imagwira bwino, ayese kuimbira wachibale ali pomwepo, ndipo atchaje foni. Vidiyo ya pa WhatsApp imadya mamega ambiri kuposa mawu okha, ndipo ikamaduladula ndi bwino kuzimitsa kamera.

Chitsanzo cha mayi wa kuthamanga kwa magazi

Tiyerekeze mayi wa zaka 55 amene amamwa amulodipini wa mamiligalamu 5 kamodzi pa tsiku, ndipo adzaimbiridwa Lachinayi 10 koloko m'mawa. Dokotala sangamupime pa foni, ndiye mayiyo afunika kupimidwa pasadakhale, pachipatala chaching'ono chapafupi kapena kwa munthu amene ali ndi makina opimira. Asanapimidwe akhale pansi mphindi 5, ndipo asakhale kuti wangochokera kumunda kapena wangosuta fodya. Alembe manambala onse awiri pamodzi ndi tsiku: Lolemba 152/96, Lachiwiri 148/94, Lachitatu 150/95. Onsewa ali pamwamba pa 140/90, ndipo poti abwera masiku atatu otsatizana, dokotala ali ndi poyambira.

Pa ola lopanganalo mayiyo akhale ndi khadi la kuchipatala, pepala la manambala aja, cholembera, ndi mapaketi onse a mankhwala. Kunena kuti "tim'bulu toyera" sikuthandiza, chifukwa mankhwala ambiri ndi oyera. Dzina ndi nambala zimene zalembedwa papaketi ziwerengedwe, ngakhale ndi mdzukulu wodziwa kuwerenga. Anene mosabisa masiku amene anadumpha kumwa, ndi mankhwala azitsamba amene akumwa. Ngati akakolo akutupa anenenso, pakuti amulodipini amachititsa zimenezi kwa anthu ena. Ngati dokotalayo amalankhula Chipwitikizi chokha, womasulira akhale pafupi kuyambira poyamba.

Foni isanadulidwe, mayiyo abwereze yekha zimene wauzidwa: amwe chiyani, kangati, akatenge kuti, ndipo adzaonekere liti. Asachulukitse mankhwala payekha.

Pamene foni sithandiza

Makina akaonetsa 180/110 kapena kuposa, munthu akumva mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kapena pakamwa papotoka ndi mkono wafooka, athamangire kuchipatala osadikira Lachinayi. N'chimodzimodzi mayi woyembekezera amene akutaya magazi, mwana amene akukomoka kapena akukana kuyamwa, wolumidwa ndi njoka, ndi amene wamwa mankhwala opopera m'munda. Kutentha thupi nako kumafuna kuyezetsa magazi, chifukwa malungo sadziwika pomva mawu.

Wazaumoyo weniweni safunsa nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola. Woimba akaifunsa, foniyo idulidwe pomwepo, ndipo nkhaniyo ikanenedwe kuchipatala.