Malire a mlingo wa mankhwala kwa ana olemera thupi

Mankhwala ambiri a ana amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa mwana. Wachipatala amamukweza pa sikelo, amawerenga makilogalamu, ndipo amawachulukitsa ndi mamiligalamu omwe buku la ndondomeko za chithandizo latchula pa kilogalamu iliyonse. Njira imeneyi imayenda bwino kwa khanda ndi kwa mwana wa zaka zitatu kapena zisanu. Koma mwana akamakula, masamu omwewo amafika potulutsa mlingo woposa umene munthu wamkulu amaloledwa kulandira. Zikatero, yankho la masamu limasiyidwa ndipo mwanayo amapatsidwa mlingo wa malire wa munthu wamkulu, osapitirira pamenepo.

Chifukwa chake masamu amasocheretsa

Mlingo wa pa kilogalamu umene ana amapatsidwa nthawi zambiri umakhala wokwererapo kusiyana ndi umene ungapezeke atagawa mlingo wa munthu wamkulu ndi kulemera kwake. Izi sizinachitike mwangozi. Mwana wamng'ono amene wapitirira ukhanda ali ndi chiwindi ndi impso zikuluzikulu poyerekeza ndi thupi lake, choncho pa kilogalamu iliyonse amachotsa mankhwala ambiri m'magazi mofulumira kuposa munthu wamkulu. Kuti mankhwala akhale okwanira m'magazi mwake, pamafunika kumuwonjezerako pang'ono pa kilogalamu.

Mwana akamayandikira kutha msinkhu, thupi limalemera mofulumira, koma mphamvu ya chiwindi ndi impso siikwera pa liwiro lomwelo. Imafika pofanana ndi ya munthu wamkulu n'kuima pamenepo. Masamu ochulukitsa sadziwa zimenezi: amangopitiriza kukwera ndi kilogalamu iliyonse. Kwa mwana wonenepa kwambiri kusiyanaku kumakula, pakuti mafuta a m'thupi amawonjezera manambala pa sikelo koma sawonjezera kwenikweni ntchito ya ziwalo zochotsa mankhwala.

Chitsanzo cha seftiriyakisoni

Mnyamata wa zaka 12 wagonekedwa m'chipatala ndi zizindikiro za matenda oumitsa khosi. Sikelo yaonetsa makilogalamu 55. Mankhwala amene asankhidwa ndi seftiriyakisoni, jakisoni wodziwika bwino m'mawodi a zipatala za m'Malawi muno, ndipo pa matenda amenewa ana amapatsidwa mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse patsiku.

Wolemba mankhwala amayamba ndi kuchulukitsa: 100 × 55 = 5,500. Awa ndi mamiligalamu 5,500, kapena kuti magalamu 5.5 patsiku. Masamuwo ndi olondola ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi, chifukwa munthu wachiwiri amene angangowerengeranso adzapeza yankho lomwelo n'kusaina. Chotsatira n'kufunsa kuti munthu wamkulu amene ali ndi matenda omwewa amalandira wochuluka motani. Malire ake ndi magalamu 4 patsiku, ndipo kawirikawiri amaperekedwa ngati magalamu 2 pa maola 12 alionse. Popeza 5.5 aposa 4, mnyamatayu amalemberedwa magalamu 4 patsiku. Bambo ake a makilogalamu 80 akanadwala matenda omwewo akanalandiranso magalamu 4 omwewo.

Namwino wokonza jakisoni ali ndi njira yake yozindikirira cholakwachi ngakhale asanaone masamu. Seftiriyakisoni nthawi zambiri amabwera m'timabotolo ta galamu imodzi. Mlingo wa magalamu 5.5 ungafune kutsekula timabotolo sikisi pa mwana mmodzi tsiku limodzi, pamene wodwala wamkulu wa matenda aakulu chotere amathera pa tinayi. Dzanja likamapita pa kabotolo kachisanu, ndiye kuti nthawi yobwerera kwa wolemba mankhwala yakwana.

Ena amaganiza kuti pa matenda oopsa ngati amenewa kuli bwino kupyolako kusiyana ndi kuperewera. Maganizowa ndi omveka, koma alibe maziko. Magalamu 4 amafikitsa kale mankhwala okwanira m'madzi ozungulira ubongo wa munthu wamkulu, ndipo galamu imodzi ndi theka yowonjezerayo siiphanso tizilombo tina. Imene imawonjezeka ndi mbali yoipa: seftiriyakisoni wochuluka amatha kuundana mu ndulu n'kuyambitsa ululu wa m'mimba ndi kusanza, ndipo kwa wodwala amene impso zake zafooka amatha kusokoneza ubongo, chinthu chovuta kuchisiyanitsa ndi matenda omwe akuchizidwawo. Palinso kutayika kwa mankhwala: pa masiku khumi a chithandizo, magalamu 15 amakhala atapita pachabe, okwanira kuthandizira wodwala wina kwa masiku angapo.

Kudziwiratu pamene malire ayambira

Mankhwala alionse ali ndi kulemera kwake kumene masamu a ana amakumana ndi malire a akulu, ndipo kupeza kulemerako n'kosavuta. Malire a munthu wamkulu amagawidwa ndi mlingo wa pa kilogalamu. Kwa seftiriyakisoni pa matenda oumitsa khosi, 4,000 ÷ 100 = 40. Mwana aliyense wopitirira makilogalamu 40 wafika kale pa malire, ndipo makilogalamu 40 si achilendo kwa mwana wa zaka 11 kapena 12 ngakhale asakhale wonenepa. Kwa parasitamo, amene ambiri amangomutchula panado, mlingo ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu pa kumwa kumodzi, ndipo malire ndi mamiligalamu 1,000. Kugawa kumapereka pafupifupi makilogalamu 67. Manambala awiriwa atalikirana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake palibe msinkhu umodzi kapena kulemera kumodzi kumene mwana amasanduka wamkulu pa mankhwala onse.

Malirewo amatengeranso matenda. Magalamu 4 a seftiriyakisoni ndi a matenda oumitsa khosi ndi ena aakulu ofanana nawo. Pa matenda ambiri wamba munthu wamkulu amalandira galamu imodzi kapena awiri patsiku. Mlingo woyenera kuyerekeza nawo ndi wa munthu wamkulu amene ali ndi matenda omwewo, polandira mankhwala m'njira yomweyo, kaya ndi kumwa, jakisoni kapena dilipi.

Malire awiri, osati amodzi

Cholakwa china chofala n'kuyang'ana malire a kumwa kumodzi n'kuiwala a tsiku lonse. Parasitamo akusonyeza bwino zimenezi. Mtsikana wa zaka 13 wolemera makilogalamu 72 amapeza mamiligalamu 1,080 pa masamu, ndipo amatsitsidwa kufika pa 1,000, omwe ndi mapiritsi awiri a mamiligalamu 500. Kusiyana kwa mamiligalamu 80 n'kochepa. Koma mankhwalawa amaloledwa kubwerezedwa pakapita maola anayi mpaka sikisi, ndipo amene angamwe pa maola anayi alionse usana ndi usiku adzamwa kasanu ndi kamodzi, magalamu 6, pamene malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4 pa maola 24. Kunena kwina, kanayi kokha patsiku, mapiritsi osaposa 8.

Kunyumba malire amenewa amapyoledwa mosazindikira pamene mwana wapatsidwa panado pamodzi ndi mankhwala a chimfine kapena a mutu ogulidwa m'golosale, omwe ambiri mwa iwo ali ndi parasitamo kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti parasitamo wopyola muyeso sachenjeza msanga. Tsiku loyamba mwana akhoza kungochita nseru kapena kuoneka bwinobwino, ndipo kuwonongeka kwa chiwindi kumaonekera pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, ndi ululu kumanja kwa mimba ndi chikasu m'maso. Mankhwala otetezera chiwindi amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe, kotero kholo limene lazindikira kuti mwana wamwa mopyola liyenera kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo, litatenga mapaketi onse, osadikira zizindikiro.

Zimene lamuloli silikunena

Malire a munthu wamkulu ndi polekezera, si mlingo woti mwana aliyense wooneka wamkulu azipatsidwa. Mwana wa makilogalamu 30 amene akufunika parasitamo amapeza mamiligalamu 450, ndipo kumupatsa 1,000 chifukwa ndi wamtali n'kumuchulukitsira koposa kawiri. Pakati pa manambala awiri, la masamu ndi la malire, limene limalembedwa ndi laling'ono.

Lamuloli silitetezanso ana aang'ono. Khanda la makilogalamu 6 limayenera mamiligalamu 90 a parasitamo. Dontho la desimo likasochera n'kulembedwa 900, mlingowo wachuluka kakhumi, komabe uli pansi pa 1,000, ndipo amene amangoyang'ana malire a akulu sadzaona vuto lililonse. Kwa makanda chitetezo chili pa kuyeza bwino kulemera, kulemba kulemerako pa pepala la mankhwala, ndi kuwerengeranso kwa munthu wachiwiri.

Pali mankhwala ena amene akulu nawonso amapatsidwa motsatira kulemera, ndipo amenewa sadulidwa pa nambala imodzi. Jakisoni wa atesuneti wa malungo aakulu amaperekedwa mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu kwa aliyense wolemera makilogalamu 20 kupita m'tsogolo, ndipo ana ochepera pamenepo amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Mnyamata wa makilogalamu 55 amayenera mamiligalamu 132, ndipo kumuchepetsera poopa kupyola malire kungamusiye ndi mankhwala osakwanira pa matenda amene amapha m'maola ochepa. Mapiritsi a LA, omwe makolo ambiri amawadziwa, anakonzedwa mwanjira ina: malire ali kale m'magulu a kulemera, ndipo kuyambira makilogalamu 35 aliyense amamwa mapiritsi anayi pa kumwa kumodzi, kaya ali ndi zaka 11 kapena 50.

Pomaliza pali mwana wamng'ono m'zaka koma wonenepa kwambiri, monga wa zaka 8 wolemera makilogalamu 60. Masamu ake a parasitamo amapereka mamiligalamu 900, omwe sanafike pa malire, koma chiwindi chake sichinakule mofanana ndi thupi lonselo. Kwa ana otere madokotala ambiri amawerengera pa kulemera koyenera utali ndi msinkhu wake m'malo mwa nambala ya pa sikelo. Kusamala komweko kumafunika kwa mwana amene watupa chifukwa cha kunyentchera kapena matenda a impso, pakuti mbali ina ya kulemera kwake ndi madzi, komanso kwa amene chiwindi kapena impso zake zikudwala, amene malire ake amatsika kuposa a munthu wamkulu wathanzi.

Pamene mlingo wadulidwa pa malire, ndi bwino wolemba mankhwala asonyeze zimenezi pa pepala la mankhwala ndi m'kabuku ka kuchipatala, polemba kulemera kwa mwana, mlingo wa pa kilogalamu, ndi mawu akuti mlingo waima pa malire a wamkulu. Popanda mawu amenewa, namwino wa usiku amene angawerengerenso masamu a mnyamata wa makilogalamu 55 uja adzapeza magalamu 5.5, adzaona 4 pa pepala, ndipo akhoza kuganiza kuti wodwalayo wachepetseredwa molakwika n'kuwonjezera.