Malo akufa m'njira za mpweya: chifukwa chake kupuma mwaphuma sikukhutitsa mapapo

Mpweya umene timakoka sufika wonse kumene ukufunika. Magazi amalandira okosijeni ndi kutaya kaboni dayokisaidi m'timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo, totchedwa maaluviyoli. Kuti ufike kumeneko, mpweya umadutsa m'mphuno, pammero, m'kholingo ndi m'timapaipi togawikana ngati nthambi za mtengo. M'njira zimenezi simuchitika kusinthana kwa mpweya ndi magazi, n'chifukwa chake madokotala amazitcha malo akufa, kapena kuti dedi sipesi. Mwa munthu wamkulu, malowa amasunga mpweya wokwana pafupifupi mamililita 150.

Tikamaliza kutulutsa mpweya, m'mapaipiwa mumatsala mpweya wogwira kale ntchito, ndipo tikakokanso ndi umene umayamba kubwerera m'timatumba. Mpweya watsopano umatsatira pambuyo, koma mamililita 150 omaliza amathera m'njira, n'kutulukanso osagwira ntchito. Zimenezi zimachitika pa kupuma kulikonse, kaya takoka wambiri kapena wochepa.

Tiyeni tiwerengetsere. Munthu wamkulu akakhala phee amakoka mamililita pafupifupi 500, ka 12 pa mphindi, ndipo onse pamodzi ndi 6,000. Tikachotsa 150 pa 500 pamatsala 350, choncho mpweya watsopano wofika m'timatumba pa mphindi ndi mamililita 4,200.

Tsono tiyerekeze kuti munthu yemweyo wathyoka nthiti, ndipo chifukwa cha ululu akungokoka mamililita 250, koma ka 24 pa mphindi. Wodutsa m'mphuno ukadali 6,000. Koma tikachotsa 150 pa 250 pamangotsala 100, ndipo wofika m'timatumba ndi 2,400 basi. Akuoneka ngati akupuma kwambiri, chonsecho kaboni dayokisaidi akuchuluka m'magazi, okosijeni akutsika, ndipo minofu yopumira ikutopa. N'chifukwa chake kuchipatala munthu wothyoka nthiti kapena wochitidwa opaleshoni ya pamimba amam'patsa mankhwala opha ululu, n'kumulimbikitsa kukoka mpweya wambiri modekha.

Si kupuma mofulumira konse kumene kuli ndi vutoli. Mwana amene wangochoka kosewera mpira amapuma mwachangu komanso mozama, choncho timatumba timalandira mpweya wochuluka. Vuto limakhalapo pamene liwiro lakwera koma mpweya wokokedwa wachepa.

Mwa ana aang'ono, kupuma mofulumira ndi chimodzi mwa zizindikiro za chibayo. Tiwerenge kwa mphindi yathunthu mwana ali phee, osati akulira. Malinga ndi Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse, kupuma kwafulumira ngati kwafika ka 60 kwa khanda losakwana miyezi 2, ka 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kwa wa chaka chimodzi koma wosakwana zaka 5. Zikatero, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati pokoka mpweya, tipite naye kuchipatala msanga.