Kusokonekera kwa ndondomeko yojambulira masipuraiti

Kusokonekera kwa ndondomeko yojambulira masipuraiti ndi vuto lopezeka m'magemu apakompyuta ndi apafoni, pomwe munthu wa m'gemu amaoneka kuseri kwa khoma limene waima kutsogolo kwake. Sipuraiti ndi kachithunzi kafulati komwe pulogalamu imaika pasikirini, monga munthu, mtengo, mbuzi kapena khoma. Vutoli limachuluka m'magemu omwe wosewera amaona malo kuchokera pamwamba mopendekeka pang'ono. Nthawi zambiri zithunzizo zimakhala zili bwinobwino, koma pulogalamu ndiyo imalakwitsa posankha choti iyambe kujambula ndi choti imalizire.

Chiyambi cha vutoli

Masipuraiti alibe kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni. Pulogalamu imajambula sikirini yonse mobwerezabwereza, kawirikawiri maulendo 60 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse imaika zithunzi chimodzi ndi chimodzi. Chithunzi chobwera pambuyo chimaphimba chomwe chinalipo kale, ngati mmene penti watsopano amakwiririra wakale. Choncho zinthu zakutali ziyenera kuyamba, zapafupi n'kumalizira. Njira imeneyi imatchedwa njira ya wopenta, ndipo Martin Newell, Richard Newell ndi Tom Sancha anailongosola m'chaka cha 1972.

M'mapulogalamu ambiri ojambula zithunzi zafulati, malo amawerengedwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, kuyambira pangodya yakumtunda kumanzere. Nambala ya y imakula potsika. Popeza chinthu choima kumunsi kwa sikirini ndicho chili pafupi ndi wosewera, lamulo lake ndi lakuti cha y wamng'ono chiyambe kujambulidwa. Chosokoneza n'chakuti chithunzi chimatenga mizere yambiri, ndiye mpofunika kusankha y mmodzi wochiimira. Woyenera ndi wa pomwe chinthucho chakhudza pansi: mapazi a munthu, tsinde la mtengo, maziko a khoma. Koma nambala yomwe mapulogalamu ambiri amasunga monga malo a chithunzi ndi ya m'mphepete mwake mwakumtunda, ndipo ongoyamba kumene amangogwiritsa ntchito yomweyo.

Chitsanzo

Tiyerekeze gemu yoonetsa msika wa pa Mitundu. M'menemo muli khoma lalifupi la njerwa, lotalika mapikiselo 32. Pamwamba pake pali pa y 200 ndipo maziko ake ali pa 232. Mulinso wogula wotalika mapikiselo 64, yemwe waima kutsogolo kwa khomalo mapazi ake ali pa 250. Ndiye kuti mutu wake uli pa 186.

Pulogalamu ikasanja potengera pamwamba pa zithunzi, iyerekeza 186 ndi 200. Wogulayo ayamba kujambulidwa, kenako khoma limudula pakati: mutu ukuoneka, miyendo ikuoneka, koma kuyambira mzere 200 mpaka 232 pali njerwa. Ikasanja potengera mapazi, iyerekeza 232 ndi 250, khoma liyamba, ndipo munthuyo aoneka wathunthu. Akazungulira kuseri mapazi n'kufika pa 220, iye ndi amene ayambe, ndipo khoma libisa miyendo yake monga ziyenera kukhalira.

Cholakwikacho sichichitika paliponse. Mutu wa wogulayo umakhala kumtunda kwa mzere 200 pokhapokha mapazi asanafike pa 264. Choncho vuto limaoneka mapazi akakhala pakati pa 232 ndi 264, ndipo akangopitirira pamenepo limatha lokha. Mpata umenewu ndi wa mapikiselo 32, womwe ndi kusiyana kwa msinkhu wa munthu ndi wa khoma. Khoma likakhala lalitali kuposa munthu, zinthu zimatembenuka: munthu woima kuseri pafupi ndi khomalo amaoneka ngati ali kutsogolo. Zinthu zonse zikakhala za msinkhu umodzi, kusanja kolakwikaku kumapereka zotsatira zolondola, n'chifukwa chake vutoli limabisala mpaka tsiku lomwe wokonza gemu waonjezera chithunzi cha msinkhu wina.

Kakonzedwe

Mu Pygame, `rect.bottom` ndi mzere wakumunsi kwa chithunzi. Kusanja kumalembedwa motere:

```python
zinthu.sort(key=lambda s: s.rect.bottom)
for s in zinthu:
    sikirini.blit(s.image, s.rect)
```

Mizere imeneyi iyenera kugwira ntchito ulendo uliwonse sikirini ikamajambulidwa, zinthu zitasuntha kale. Anthu ndi makoma ayenera kukhala mumndandanda umodzi. Dothi, udzu ndi msewu zokha ndizo zimajambulidwa padera poyamba, chifukwa palibe amene angaime kuseri kwake. Chithunzi chikakhala ndi malo opanda kanthu kunsi kwa mapazi, `rect.bottom` amatsika kupitirira mapaziwo, ndiye malowo ayenera kudulidwa kapena kuchotseredwa panambalayo.

Mu Godot 4 ntchitoyi imachitika poyatsa `y_sort_enabled` pa chinthu chomwe chasunga anthu ndi makoma, koma imasanja zokhazo zomwe `z_index` wake ndi wofanana. Mu Unity amaika `Transparency Sort Mode` pa `Custom Axis` ndi nambala 0, 1, 0, kenako `Sprite Sort Point` pa `Pivot`. Monsemu, kadontho koimira malo a chithunzi kayenera kuikidwa pamapazi osati pakati.

Kuzindikira gwero lake

Maonekedwe a vutoli amasonyeza pomwe lachokera. Likamachitika pafupi ndi khoma pokha, kusanja kukutengera mzere wolakwika. Munthu akamakhala kuseri kwa khoma ngakhale atatsika motani, ndiye kuti awiriwa ali m'magulu osiyana ndipo gulu la makoma likujambulidwa pomaliza, kapena mndandanda unasanjidwa kamodzi kokha gemu ikuyamba. Zithunzi ziwiri zikamaphethira mosinthana, mapazi ake ali pamzere umodzi ndipo pulogalamu ikusankha mosiyana ulendo uliwonse. Mankhwala ake n'kuonjezera nambala yachiwiri yosasintha yoti izigamula zikafanana.

Malire a njirayi

Nambala imodzi imakwanira khoma lopingasa, lomwe maziko ake onse ali pamzere umodzi. Khoma loyenda chamgonagona lili ndi maziko pamizere yambiri, choncho munthu akhoza kukhala kutsogolo kwa mbali ina ngakhale mapazi ake ali kumtunda kwa mapeto ake akumunsi. Khoma lotere limadulidwa m'tizidutswa, kalikonse n'kusanjidwa pakokha. Munthu akadumpha, y wosanjira amakhala wa pansi pomwe pali chithunzithunzi chake, osati wa m'mwamba momwe wafika.

Palinso nthawi yomwe zinthu zitatu zimaphimbana mozungulira: choyamba chaphimba chachiwiri, chachiwiri chaphimba chachitatu, chachitatu chaphimba choyamba. Apa palibe ndondomeko yolondola pokhapokha chimodzi chitadulidwa. Magemu oonetsa kuya kwenikweni amapewa zimenezi posunga kutalikira kwa pikiselo iliyonse, njira yomwe Wolfgang Strasser ndi Edwin Catmull anailongosola aliyense payekha mu 1974. Komabe njirayi sigwira bwino pa zithunzi zoonekera mkati monga utsi ndi galasi, zomwe zimafunabe kusanjidwa.

Pamakina akale

Pamakina a Famicom, omwe kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndondomekoyi inali m'makina momwemo. Ankasunga masipuraiti 64, ndipo awiri akakumana, wa nambala yaing'ono ndi amene ankaoneka. Sipuraiti iliyonse inalinso ndi chizindikiro choiika kuseri kwa zithunzi za malo. Gemu ya Super Mario Bros. ya mu 1985 inagwiritsa ntchito chizindikirochi mwadala, kuti Mario azibisika akamalowa m'paipi.