Zodziwika kale ndi zatsopano m'chiganizo

Chiganizo chimakhala ndi mbali ziwiri za uthenga: mutu wa nkhani, umene olankhulana akuudziwa kale, ndi mfundo yatsopano imene womvera akuiyembekezera. Njira yozizindikirira ndiyo kufunsa funso, pakuti mawu amene ayankha funsolo ndiwo atsopano.

M'Chichewa, pamtherankhani watsopano amatsatana ndi mneni. Pa funso lakuti "Mayi agula chiyani?" yankho ndi "Mayi agula chimanga." Ngati chimangacho chatchulidwa kale, chikhoza kutsogola monga mutu wa nkhani, ndipo mneni amatenga mphatikiram'kati woloza kwa icho: "Chimangacho mayi achigula." Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti mphatikiram'kati wotereyu amagwira ntchito ya mlowam'malo, ndiye chifukwa chake dzinalo limatha kusuntha m'chiganizo tanthauzo osasokonekera.

Mwininkhani akakhala watsopano, pamafunika mawu akuti "ndi". Funso lakuti "Wagula chimanga ndani?" limayankhidwa kuti "Ndi mayi amene agula" kapena "Mayi ndiwo agula." Kuyankha kuti "Mayi agula chimanga" kumamveka ngati funso silinamveke. Pokana, "ndi" amasanduka "si": "Si mayi amene agula, koma bambo."

Pofuna kulowetsa m'nkhani munthu amene sanatchulidwepo, malo amatsogola ndipo munthuyo amabwera pambuyo pa mneni: "Pakhomo pafika mlendo." Apa mneni wagwirizana ndi malo, osati ndi mlendoyo.